Magazi apezeka ndi RF kapena ANA: muyambire pati musanadziyese wodwala

Mwalandira pepala la zotsatira kuchokera ku labu, ndipo pambali pa zilembo zoti RF kapena ANA palembedwa mawu akuti Positive. Mwina mwafunsa kale kwa wina n'kukuuzani kuti ndi nyamakazi yopinda zala, kapena lupasi, matenda amene amatha kuwononga impso. Mtima uli m'mwamba, tulo sitikubwera. Ndikufuna tiliwerenge limodzi pepalali, chifukwa anthu ambiri amene magazi awo amaonetsa zimenezi alibe matenda amenewa, ndipo ambiri mwa iwo sadzadwala matendawa moyo wawo wonse. Komabe pali ena ochepa amene pepalali likuwachenjeza zoona, ndipo amenewo sayenera kuchedwa. Ntchito yathu ndi yosiyanitsa magulu awiriwa.

Kuti tisangolankhula m'malere, tiyerekeze mayi wina wa zaka 41. Kwa miyezi iwiri wakhala akumva kutopa ndi kuphwanya thupi. Atapita kuchipatala anamutenga magazi n'kuyeza zinthu zambirimbiri, ndipo ziwiri zabwera motere: RF yake ndi 26 IU/mL, pamene malire a labuyo ndi 14, ndipo ANA yake ndi 1:80. Tiyenda naye mayiyu mpaka kumapeto.

Choyamba: dziwani chimene chayezedwa

Kuyeza kuwiriku sikufufuza kachilombo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezekera, chifukwa tinazolowera kuti magazi akapezeka ndi kanthu ndiye kuti matenda alipo, monga zimakhalira ndi malungo. RF ndi ANA n'zosiyana. Zonse ziwiri ndi maantibodi, timapuloteni timene chitetezo cha m'thupi chimapanga kuti tigwire adani. Kusiyana kwake n'koti timeneti timagwira zinthu za thupi lomwelo. RF imamata pa maantibodi anzake, a mtundu wotchedwa IgG. ANA imamata pa zinthu za m'phata la selo, mmene mumasungidwa malangizo a chibadwa.

Zikumveka zoopsa, koma thupi la munthu wathanzi limapanga timaantibodi totere pang'onopang'ono nthawi zonse, makamaka chitetezo chikakhala pa ntchito yolimbana ndi matenda ena, kapena munthu akamakula. Dzina la RF, chidule cha rheumatoid factor, nalonso limanamiza. Dokotala wa ku Norway, Erik Waaler, analemba za chinthuchi mu 1940 atachipeza m'magazi a odwala nyamakazi ya lumatoidi, ija yopinda zala, ndipo dzina linakhazikika kuchokera pamenepo. Patapita nthawi m'pamene zinaoneka kuti chimapezekanso mwa anthu a matenda ena ambiri, ngakhalenso mwa anthu amene sakudwala chilichonse. Dzinalo silinasinthe.

Chachiwiri: werengani nambala, osangoima pa mawu akuti Positive

Pa RF funani manambala awiri: yanu, ndi malire apamwamba amene labuyo yalemba. Malabu ena amaika 14 IU/mL, ena 20, malinga ndi makina awo, choncho musayerekeze nambala yanu ndi ya mnzanu amene anayezetsa kwina. Mukawapeza, chulukitsani malirewo katatu. Madokotala a nyamakazi amati zotsatira n'zotsika zikapitirira malire koma osadutsa katatu kake, ndipo amati n'zokwera zikadutsa pamenepo. Kwa mayi wathu, 14 kuchulukitsa katatu ndi 42. Nambala yake ya 26 ili pansi pa 42, ndiye kuti ndi yotsika. RF yotsika ndi imene imapezeka kawirikawiri mwa anthu opanda nyamakazi. Ikanakhala 300, nkhani ikanafuna kuiyang'anitsitsa kwambiri, ngakhale kuti nayonso payokha siikwana kunena kuti munthu akudwala.

ANA imalembedwa mwa njira ina, ndipo ndi bwino kudziwa kumene manambala ake amachokera. Wa mu labu amatenga madzi a magazi anu, aja achikasu otsala magazi akaundana, n'kuwasungunula: gawo limodzi m'magawo 40. Amawathira pa kagalasi kamene pamatidwa maselo okuzidwa mu labu, kenaka amaikapo utoto umene umawala mobiriwira pamene pali antibodi. Akayang'ana pa maikulosikopu n'kuona kuwala, amasungunulanso kuwirikiza: 1:80, 1:160, 1:320, 1:640, mpaka kuwalako kutazimiririka. Nambala imene mwaiona papepala ndi ya kusungunula komaliza kumene kuwala kunaonekabe. Choncho nambala ikakula, ndiye kuti maantibodi anali ambiri moti ngakhale atawathira madzi ochuluka ankaonekabe.

Kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 1997, ndipo malabu a m'mayiko angapo anatenga nawo mbali, anayeza magazi a anthu athanzi lawo. Pa 1:40, pafupifupi anthu 32 mwa 100 alionse anaonetsa ANA. Pa 1:80 anali 13, pa 1:160 anali 5, ndipo pa 1:320 anali pafupifupi atatu. Taganizirani za nambala yoyambayo: munthu mmodzi mwa atatu alionse amene mungakumane nawo lero, ali bwinobwino, akhoza kulandira pepala lolembedwa Positive ngati labu yake imayambira pa 1:40. Mayi wathu ndi 1:80 yake ali m'gulu limodzi ndi munthu mmodzi mwa athanzi asanu ndi atatu alionse.

Dziwaninso kuti amene amagamula ngati kuwala kukuoneka kapena ayi ndi maso a munthu. Magazi omwewo akhoza kutuluka 1:80 ku labu ina, 1:160 ku labu inzake. Kusiyana kwa sitepe imodzi sikutanthauza kuti zinthu zaipiraipira.

Pansi pa nambalayo nthawi zina pamalembedwa maonekedwe a kuwalako, monga homogeneous kapena speckled. Mawu amenewa amathandiza dokotala kusankha choyeza chotsatira, koma satchula matenda. Pali maonekedwe amodzi oyenera kuwadziwa: olembedwa kuti dense fine speckled, amene nthawi zambiri amabwera ndi antibodi yotchedwa DFS70. Ikakhala yokha, popanda maantibodi ena, imapezeka kwambiri mwa anthu athanzi kusiyana ndi odwala lupasi.

Chachitatu: funsani chimene chinachititsa kuti magazi ayezedwe

Sitepe imeneyi ndiyo mutu wa nkhani yonse, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Tiyerekeze kuti tatenga anthu 1,000 mwachisawawa n'kuwayeza RF. Nyamakazi ya lumatoidi imagwira munthu mmodzi mwa 100 kapena kucheperapo, ndiye tinene kuti m'gulumo muli odwala 10. Mwa odwala matendawa, pafupifupi asanu ndi awiri mwa khumi ndi amene magazi awo amaonetsa RF, choncho tipeza 7. Otsala 990 alibe matendawa, koma pafupifupi 5 mwa athanzi 100 alionse amakhala ndi RF, zomwe zikutipatsa anthu ngati 50. Onse pamodzi, mapepala olembedwa Positive ndi 57, ndipo mwa amenewa 7 okha ndi a odwala enieni. Anthu 50 apita kwawo ndi nkhawa yopanda chifukwa. Onaninso mbali inayo: odwala atatu enieni alandira Negative, ndipo akhoza kuuzidwa molakwika kuti alibe kanthu.

Tsopano sinthani gulu. Tengani anthu 100 amene onse afika ndi zala zotupa m'manja onse awiri kwa miyezi iwiri, ndipo tingoyerekeza kuti theka la iwo ali ndi lumatoidi. Mwa 50 odwalawo, 35 aonetsa RF. Mwa 50 enawo, ngakhale titati asanu aonetsa, mapepala a Positive akhala 40, ndipo 35 mwa iwo ndi oona. Makina ndi omwewo, choyeza n'chomwecho, koma tanthauzo latembenuka. Chasintha ndi anthu amene anabweretsedwa kudzayezedwa.

Pa ANA kusiyanaku n'kokulirapo, chifukwa lupasi ndi yosowa kuposa lumatoidi. Mwa anthu 10,000, ngakhale titati khumi ali ndi lupasi, pafupifupi onse khumiwo aonetsa ANA. Koma pambali pawo padzakhala anthu oposa 1,000 amene aonetsanso ANA pa 1:80 alibe lupasi. Ichi n'chifukwa chake phindu lalikulu la ANA lili pa Negative: munthu amene ANA yake yayezedwa bwino n'kupezeka kuti palibe, n'kovuta kwambiri kuti akhale ndi lupasi. Koma Positive imangotsegula khomo.

Sindikunena izi mophiphiritsa chabe. Mu 2019 mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku Ulaya ndi ku Amereka anagwirizana mfundo zoikira odwala m'gulu la lupasi. Mmenemo ANA ya 1:80 kapena kuposa ndi chilolezo chongoyambira kuwerengera, ndipo payokha siipatsidwa pointi ngakhale imodzi. Pamafunika mapointi 10 ochokera ku zinthu zina, ndipo chimodzi mwa izo chiyenera kukhala chizindikiro cha m'thupi la wodwalayo. Za lumatoidi anagwirizana mu 2010: pamafunika mapointi 6 mwa 10, RF yotsika imapereka awiri, yokwera atatu, ndipo kuwerengera sikuyamba n'komwe ngati dokotala sanapeze malo olumikizira mafupa amene atupa ndithu. Mfundozi anazikonzera kafukufuku, ndipo dokotala samangidwa nazo pogamula za wodwala wake, koma zikuonetsa mmene akatswiri amalionera pepala lija.

Ine ndimaona kuti vuto lalikulu limayambira pa kuyeza RF ndi ANA kwa munthu aliyense wotopa kapena wophwanya thupi. Kutopa kuli ndi zoyambitsa zankhaninkhani, ndipo ukayeza anthu otopa ambiri upeza ma Positive ambiri amene sakugwirizana ndi kutopako. Mayi wathu analowa mumsampha umenewu. Magazi ake anayezedwa pongofufuza, popanda chizindikiro cholozera ku matenda awiriwa.

Chachinayi: funsani thupi

Musanabwerere kwa dokotala, khalani pansi mudziyang'ane, ndipo lembani zimene mwaona pamodzi ndi tsiku limene zinayamba.

Yambani ndi manja. Lumatoidi imakonda malo amene zala zimalumikizana ndi chikhatho, malo apakati pa zala, pamkono pomwe timavala wotchi, ndi m'tsinde mwa zala za kumapazi. Kawirikawiri imagwira mbali zonse ziwiri. Chimene tikufuna ndi kutupa, osati kupweteka kokha: kutupa kofewa, koti mukadina mumamva ngati pali kathumba ka madzi pakati pa chala chanu ndi fupa. Kungani chibakera muyang'ane kumbuyo kwake. Pa dzanja labwino mafupa amatumphuka ndipo pakati pawo pamakhala tizigwa. Potupa tizigwa timeneti timadzaza. Mphete imene inkalowa bwino imayamba kukana. Gwiraninso chikhatho chimodzi ndi dzanja linalo m'mbali mwake, mufinye pang'ono monga mmene timachitira popatsana moni. Ngati kufinya kofatsa kotero kukupweteketsani mpaka kuchotsa dzanja, muuzeni dokotala.

Kenaka ganizirani za m'mawa. Wodwala lumatoidi amadzuka manja ataumirira, moti kumanga batani kapena kutsegula botolo kumam'kanika kwa theka la ola, ola lathunthu, mwinanso kupitirira, ndipo amapezako bwino akayamba kugwira ntchito. Nyamakazi ya kuperepeseka kwa mafupa, imene imabwera ndi zaka, ndi yosiyana: kuuma kwake kumatha m'mphindi zochepa, ululu umakula munthu akagwira ntchito, ndipo zotupa zake n'zolimba ngati fupa, makamaka pafupi ndi zikhadabo ndi m'tsinde mwa chala chachikulu. Agogo amene ali ndi zala zotere n'kupezekanso ndi RF yotsika nthawi zambiri amakhala ndi zinthu ziwiri zosakhudzana, chifukwa RF imachuluka ndi ukalamba. Mwa anthu opitirira zaka 70 imapezeka mwa mmodzi mwa khumi kapena kuposa.

Pa ANA mafunso ndi ena. Kodi pankhope patuluka zidzolo zoyala m'masaya onse awiri n'kudutsa pamphuno, zosafika m'mizere yochokera pamphuno kupita m'mbali mwa kamwa? Pa khungu lakuda sizioneka zofiira kwenikweni. Zimaoneka zoderapo kapena zofiirira, ndipo zimakula munthu akakhala padzuwa. Kodi m'kamwa, makamaka kumwamba kwake, mumatuluka zilonda zosapweteka? Kodi tsitsi likuthothoka mochuluka kapena kusiya zipsera? Kodi pachifuwa pamabaya mukapuma mozama? Kodi mkodzo ukuchita thovu losatha msanga, miyendo kapena zikope n'kumatupa? Kodi zala zimayera kenaka n'kuda kukazizira, kapena khungu lake likukungika? Kodi maso ndi m'kamwa zakhala zouma kwa miyezi yoposa itatu, moti chakudya chouma sichimezeka popanda madzi? Kodi munayamba mwaundana magazi m'mitsempha, kapena kupita padera kangapo? Chimodzi cha izi pachokha sichitsimikiza kanthu, koma chimasintha kulemera kwa pepala lija.

Mayi wathu atadzifunsa zonsezi anapeza kuti alibe chilichonse mwa izo. Thupi limaphwanya paliponse, makamaka madzulo, koma palibe potupa, ndipo m'mawa manja amagwira bwinobwino.

Chachisanu: fufuzani zina zimene zimadzutsa maantibodi amenewa

RF imakwera pa matenda aliwonse amene amatangwanitsa chitetezo kwa nthawi yaitali. Matenda a chiwindi a hepataitisi C ndiwo otchuka pa zimenezi, ndipo amasokoneza kwambiri chifukwa nawonso amatha kupweteketsa molumikizira mafupa. Hepataitisi B, chifuwa chachikulu cha TB, HIV, chindoko, khate, malungo obwerezabwereza, likodzo, ndi matenda a mabakiteriya okhazikika pa zitseko za mtima, zonsezi zimatha kutulutsa RF. Kusuta fodya nakonso. Apa pali chinthu chofunika: nthawi zina RF imakhala ikuloza matenda enieni, koma osati nyamakazi. Munthu amene akuwonda, akutuluka thukuta usiku, akutentha thupi kwa masabata, n'kupezeka ndi RF, afufuzidwe TB ndi matenda a mtima aja asanaganiziridwe za lumatoidi.

ANA imapezeka kwambiri mwa akazi kusiyana ndi amuna, mwa achikulire, ndi mwa achibale a odwala lupasi ngakhale iwowo ali bwino. Imabweranso ndi matenda a chithokomiro oyambitsidwa ndi chitetezo cha m'thupi, matenda ena a chiwindi, ndipo imatha kuonekera kwa kanthawi munthu akangochira ku matenda a mavairasi. Mankhwala ena amaidzutsa: haidiralazini ndi methilodopa a kuthamanga kwa magazi, aisoniazidi wa TB, minosaikilini amene ena amamwa nthawi yaitali chifukwa cha ziphuphu. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa mukaonetse. Koma chonde musasiye nokha mankhwala aliwonse, makamaka a TB. Anthu ambiri amene ANA yawo yadzuka chifukwa cha mankhwala sadwala nayo, pamene kudukiza mankhwala a TB kuli ndi ngozi yodziwika.

Chachisanu ndi chimodzi: kubwerera kwa dokotala

Pitani ndi pepala lenilenilo, osati mawu a pakamwa okha. Mukhoza kuyamba motere: "Adokotala, zotsatirazi mwaziona, koma ndimafuna mundiyang'anenso manja ndi mapazi ngati pali potupa." Kupima ndi manja kumeneku n'kofunika kuposa kutenganso magazi. Funsaninso kuti, "Kodi munkaganizira matenda ati poyeza zimenezi?" Yankho lake likuuzani ngati muli m'gulu la anthu 1,000 aja kapena la 100 aja.

Pali zoyeza zochepa, zosavuta, zimene zimanena zambiri. Kuwerenga maselo a magazi kumaonetsa ngati magazi achepa, kapena ngati maselo oyera ndi tiziduswa toundanitsa magazi tatsika, zomwe lupasi imachita. Kuyeza mkodzo kumaonetsa puloteni kapena magazi osaoneka ndi maso, ndipo n'kofunika kwambiri chifukwa lupasi ya impso imatha kuyamba mwakachetechete, popanda ululu. ESR ndi CRP zimaonetsa ngati m'thupi muli kutupa, ngakhale sizinena kuti kwachokera kuti. Kwa amene ali ndi RF, kuyeza anti-CCP kumathandiza, chifukwa antibodi imeneyi siipezeka kawirikawiri mwa anthu opanda lumatoidi: mwa 100 otere, pafupifupi 95 imatuluka Negative. Zoyeza zozama za ANA, monga anti-dsDNA, anti-Sm, Ro ndi La, komanso mapuloteni a chitetezo otchedwa C3 ndi C4, n'zoyenera pamene pali zizindikiro kapena nambala ndi yokwera, osati kwa aliyense wa 1:40.

Tiyerekeze kuti mayi wathu wayezedwa. Dokotala wadina malo onse olumikizira mafupa, sanapeze potupa. Mkodzo uli bwino, CRP ili bwino, anti-CCP palibe, hepataitisi B ndi C palibe, HIV palibe, chithokomiro chikugwira bwino. Chimene chapezeka n'choti magazi ndi ochepa, himogulobini ili pa 9.5, ndipo atafunsidwa wanena kuti kwa chaka tsopano akumataya magazi ambiri akakhala kumwezi. Kutopa kwake kwapeza mwini. Dokotala akumuuza kuti, "Mayi, RF ndi ANA zija zilipodi m'magazi mwanu, labu sinalakwitse, koma si zimene zikukudwalitsani." Chithandizo chake ndi mankhwala owonjezera ayironi ndi kufufuza chimene chikuchititsa kutaya magaziko.

Tsopano tengani mayi wina wa msinkhu womwewo, RF yake 26 yomweyo, labu yomweyo. Koma iyeyu wafika ndi malo asanu ndi amodzi otupa m'zala za manja onse awiri, kwa masabata khumi, ndipo m'mawa satha kugwira kapu mpaka ola litadutsa. CRP yake ndi yokwera. Tikawerengera ndi mfundo za 2010 zija: malo ang'onoang'ono otupa kuyambira anayi mpaka khumi amapereka mapointi atatu, RF yotsika awiri, kupitirira masabata asanu ndi limodzi pointi imodzi, CRP yokwera imodzi. Onse pamodzi 7, kudutsa 6 wofunika uja. Mayi ameneyu atumizidwe kwa katswiri mwachangu, chifukwa lumatoidi imayamba kudya mafupa m'miyezi yoyambirira, ndipo mankhwala amagwira bwino akayambidwa msanga. Ndipo akanakhala kuti RF yake ndi Negative koma manja ali chonchi, akanayenerabe kutumizidwa.

Chachisanu ndi chiwiri: ngati palibe chapezeka

Musayambe mankhwala chifukwa cha pepala. Ndikunena izi motsindika chifukwa ndi pamene nambala yosalakwa imasanduka ngozi yeniyeni. Puredinisoloni, mankhwala ochepetsa kutupa, amachotsa kuphwanya thupi kwa anthu ambiri m'masiku oyamba, ndipo munthu amaganiza kuti matenda apezeka. Koma akamwedwa kwa miyezi amakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amafewetsa mafupa, ndipo ngati m'thupi munali TB kapena hepataitisi B yobisala, amaidzutsa. Kumbukirani kuti matenda awiri amenewa ndi ena mwa amene amatulutsa RF poyambirira. Metotirekiseti, mankhwala abwino kwambiri kwa wodwala lumatoidi weniweni, amatha kuvulaza chiwindi ndi mwana wosabadwa. Ngati munayamba kale puredinisoloni ndipo mwamwa kwa masabata angapo, musamusiye mwadzidzidzi. Amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala.

Musamangobwereza kuyezetsa. ANA ikapezeka nthawi zambiri imakhalapo zaka, ndipo kukwera kapena kutsika kwake sikutsatira mmene thupi lilili, ngakhale mwa odwala lupasi enieni. RF nayonso siigwiritsidwa ntchito poona ngati munthu akuchira. Kuyezetsa miyezi itatu iliyonse kumangobala nkhawa yatsopano nambala ikasuntha sitepe imodzi. Chifukwa chomveka choyezeranso ndi chizindikiro chatsopano.

Sindikubisirani mbali inayo: maantibodi amatha kubwera zaka zingapo matenda asanaonekere. Magazi osungidwa a anthu amene pambuyo pake anadwala lupasi kapena lumatoidi anaonetsa zimenezi. Koma kuyang'ana chammbuyo kuchokera kwa odwala n'kosiyana ndi kuyang'ana kutsogolo kuchokera kwa onse a Positive, amene ambiri mwa iwo sadwala. Amene chiopsezo chawo n'chokulirapo ndi a RF yokwera kwambiri, a anti-CCP, a ANA yokwera yokhala ndi antibodi ina monga anti-dsDNA, makamaka ngati kholo kapena m'bale wa bere limodzi ali ndi matendawa. Otere apangane ndi dokotala nthawi yobwererako, mkodzo ndi magazi zizionedwa. Ngati mumasuta, apa muli ndi chochita chenicheni, chifukwa fodya ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika bwino zimene zimakulitsa chiopsezo cha lumatoidi, makamaka ya anti-CCP.

Kwa amayi oyembekezera kapena ofuna kutenga pakati: ANA yotsika payokha siiletsa kubereka ndipo siifuna mankhwala. Koma ngati munapezeka ndi Ro, auzeni a sikelo kuyambira ulendo woyamba. Mwa ana pafupifupi awiri pa 100 a amayi otere, antibodi imeneyi imasokoneza kagundidwe ka mtima mwana ali m'mimba, ndipo pamafunika kumamvetsera mtimawo mosamala pakati pa mimba.

Bwererani kuchipatala osadikira tsiku lopangana ngati malo olumikizira mafupa atupa n'kukhala masabata angapo osaphwa, ngati kuuma kwa m'mawa kwayamba kudutsa theka la ola, ngati mkodzo wayamba thovu kapena miyendo yatupa, ngati zidzolo za pankhope zija zatuluka, kapena ngati mukutentha thupi kwa nthawi popanda chifukwa chodziwika. Bondo limodzi kapena malo ena amodzi akatupa mwadzidzidzi, n'kutentha, osatheka kupinda, thupi likutenthanso, pitani tsiku lomwelo: zimenezo zikhoza kukhala mafinya m'kati, ndipo RF kapena ANA yanu ilibe nazo gawo.

Pepalalo lisungeni. Mukadzapita kwa dokotala wina, m'malo monena kuti "ndili ndi lupasi" kapena "ndili ndi nyamakazi ya m'magazi", nenani zimene zinachitikadi: chaka chakuti ANA inali 1:80, RF inali 26 pa malire a 14, ndinapimidwa, sanapeze potupa, mkodzo unali bwino. Dzina la matenda likangolembedwa m'buku lanu la kuchipatala limavuta kufufuta, ndipo dokotala wotsatira akhoza kukankhira pa dzinalo ululu umene ukanafunika kufufuzidwa mwatsopano.